Ndithandizeni kuwerenga kapepala ka adokotala, mzere wachiwiri wandikanika

Mwana Wachisamba: Abale, ndithandizeni. Amayi anga anali kuchipatala lero ndi mng'ono wanga, ndipo iye wanditumizira chithunzi cha kapepala ka mankhwala kuti ndikagule ine. Mzere woyamba ndi wachitatu ndikuiwerenga ngakhale sindikumva tanthauzo lake. Wachiwiriwo wandikanika. Zomwe ndikuona ndi izi:

```
1. Propranolol 40mg tds x 1/12
2. Carb....... 20mg? 200mg? od? bd? x 1/12
3. PCM 1g qds prn
```

Pamene ndaika timadonthopo ndi pomwe cholembera cha adokotala chinangokoka mzere wokhotakhota. Chithunzi ndaika pamwambapa.

Woyang'anira Gulu: Achemwali, chithunzicho ndachichotsa kaye chifukwa dzina la amayi, zaka zawo ndi nambala yawo ya kuchipatala zonse zimaoneka. Muno tilimo anthu ambiri ndipo chithunzi chikalowa m'mafoni sichibwerera. Dulani mbali ya pamwambayo mutumizenso.

Mwana Wachisamba: Zikomo pondiuza. Ndatumizanso, ndasiya mizere itatu yokha ya mankhwala.

Bambo a Mapasa: Musavutike, ameneyo ndi `carbamazepine` 200, kawiri pa tsiku. Mwana wa mchemwali wanga amamwa mankhwala omwewo chifukwa cha khunyu, ndipo kapepala kake kamalembedwa chimodzimodzi. Kodi amayiwo amanjenjemera kapena kugwa?

Mwana Wachisamba: Kugwa ayi, bambo. Koma manja amanjenjemera, kapu ya madzi sangaigwire bwino. Mtima umathamanga, amatuluka thukuta ngakhale kukuzizira, ndipo aonda kwambiri pamene akudya bwino lomwe.

Bambo a Mapasa: Mwaona nanga. Kunjenjemerako ndi za m'mitsempha. Ndi omwewo basi.

Namwino Wopuma: Bambo, tadekhani pang'ono. Ndiyambe ndi zosavutazo, mwanangu. Tizilembo timeneti tambiri tinachokera ku Chilatini ndipo timanena kangati pa tsiku. `od` ndi kamodzi, `bd` ndi kawiri, `tds` ndi katatu, `qds` ndi kanayi. `prn` ndiye kuti amwe pokhapokha akafunikira, monga mutu ukamapweteka, osati tsiku lililonse mwa chizolowezi. `PCM` ndi mmene ambiri timafupikitsira `paracetamol`. Ndiye mzere wachitatu ukuti galamu imodzi, yomwe ndi mapiritsi awiri a `500mg`, osapitirira kanayi pa maola 24, ndipo pakhale maola osachepera 4 asanamwenso. Mzere wachiwiriwo ine sindiugamula. Zimene mwafotokozazo kwa ine zikumveka ngati chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso, ndipo mankhwala ake dzina lake limayambanso ndi zilembo zinayi zomwezo, `carbimazole`.

Mphunzitsi wa Masamu: Ine chandigwira ndi `1/12`. Si ndiye kuti abwerere kuchipatala pa 1 Disembala? Kapena amwe gawo limodzi mwa magawo 12 a piritsi?

Namwino Wopuma: Ayi aphunzitsi, si tsiku ndipo si kugawa piritsi. Nambala ya pansiyo imakuuzani kuti tikuwerenga chiyani. 7 ndi masiku a pa sabata, 52 ndi masabata a pa chaka, 12 ndi miyezi ya pa chaka. Choncho `5/7` ndi masiku asanu, `2/52` ndi masabata awiri, `1/12` ndi mwezi umodzi. Tsiku lobwerera amalemba pena.

Wa ku Famase: Moni nonse. Anamwino afotokoza bwino za tizilemboto, sindibwereza. Ine ntchito yanga ndi kuwerenga timapepala totere tsiku ndi tsiku, ndipo chithunzichi ndachikulitsa pa foni mpaka chayamba kusokonekera. Achemwali, mzere wachiwiriwo ine sindingakupatseni mankhwala pongodalira chithunzichi. Ndikuuzeni chifukwa chake.

Mayina awiri amene atchulidwawa amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha kutalika kwake: `carbimazole` ali ndi zilembo 11, `carbamazepine` ali ndi 13. Onse ali ndi `m`, `a` ndi `z` pakati. Ndikamawerenga dzanja loipa ndimafunafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi kadontho ka `i`: ngati kali pafupi ndi `b` ndiye woyambayo, ngati kali chakumapeto ndiye wachiwiriyo. Chachiwiri ndi kumapeto kwa dzina: `l` amakwera m'mwamba, `p` amatsika pansi pa mzere. Pa chithunzi chanu pepala linapindidwa ndipo mpindo wadutsa pomwepo pamene pamayenera kuoneka mchira wa `p`. Kadontho kalipo kamodzi, koma kali pakati penipeni, ndipo sindingalumbire kuti ndi inki osati kachitsotso ka pa pepala.

Nambala nayo siikuthandiza. Madokotala ambiri akamalemba mofulumira amamata `mg` ku nambala osasiya mpata, ndiye chiyambi cha `m` chimaoneka ngati ziro wina. `20mg` ndi `200mg` pa dzanja lotere n'zofanana. Chimodzimodzi `od` ndi `bd`: kusiyana kwake ndi kamtengo koimirira ka `b`, ndipo apa kamtengoko kakhoza kukhala mchira wa `g` wa mzere wa pamwamba womwe watsikira pansi.

Chovuta kwambiri n'chakuti mawerengedwe awiriwa onse ndi omveka. `carbimazole 20mg od` ndi mlingo weniweni woyambira kwa munthu wamkulu wa chithokomiro chothamanga. `carbamazepine 200mg bd` nawonso ndi mlingo weniweni wa munthu wamkulu wa khunyu kapena wa ululu wa mtsempha wa kumaso. Zikanakhala kuti kumodzi kukutuluka zopanda nzeru, bwenzi kapepala kakudzikonza kokha. Apa sikakudzikonza.

Bambo a Mapasa: Komatu achimwene, inuyo mwanena nokha kuti 200 kawiri pa tsiku ndi mlingo wake weniweni. Ndiye ndalakwitsa pati?

Wa ku Famase: Pa mlingowo simunalakwitse, bambo, mankhwala amene mukuwadziwawo amaperekedwadi motero. Vuto ndi lakuti maso a munthu amaona dzina lomwe analizolowera. Inu mumaona bokosi la mwana wa mchemwali wanu mwezi ndi mwezi, ndiye zilembo zinayi zoyambazo zikangooneka, mutu umamalizitsa wokha. Ifenso a ku famase zimatichitikira, n'chifukwa chake mayina awiriwa timaphunzitsidwa kuwasamala mwapadera ndipo m'mafamase ambiri saikidwa moyandikana pa shelefu. Komanso kunjenjemera manja munthu ali maso, akulankhula bwinobwino, kawirikawiri si khunyu.

Mwana Wachisamba: Ndiye poti anamwino akuti zizindikirozo ndi za chithokomiro, komanso mng'ono wanga akuti adokotala anawagwiragwira pakhosi ndi kuwatenga magazi sabata yatha, sindingangogula `carbimazole`? Amayi akuvutika, usiku sagona.

Wa ku Famase: Ndikumva, achemwali, ndipo mukandifunsa kuti mtima wanga ukupendekera kuti, ndinena kuti ku chithokomiro. Mzere woyamba ukulozanso komweko, chifukwa `propranolol` amaperekedwa kawirikawiri limodzi ndi mankhwala a chithokomiro kuti atontholetse mtima ndi kunjenjemera pamene enawo akuyamba kugwira ntchito. Koma `propranolol` yemweyo amaperekedwanso kwa anthu othamanga magazi, a mutu waching'alang'ala, ndi onjenjemera manja pa zifukwa zina. Ndiye akungotilozera njira, sakutitsimikizira.

Tiyerekeze kuti talota molakwika, muone mmene zingathere. Adokotala analemba a chithokomiro, ife tapereka a khunyu. Mankhwala a chithokomirowo sagwira ntchito tsiku limodzi, pamatenga masabata angapo, nthawi zambiri anayi mpaka asanu ndi atatu, kuti munthu akhazikike. Choncho pakatha masabata awiri amayi asanasinthe kwenikweni, palibe amene angadabwe. Pamenepo `propranolol` akhala atachepetsa kuthamanga kwa mtima, banja lonse lidzati mankhwala akugwira. Chithokomiro chikupitiriza kuononga thupi mobisika, kwinaku amayi akumwa mankhwala a matenda omwe alibe, omwe amabweretsa chizungulire, tulo, kuona zinthu ziwiriziwiri, mwinanso zidzolo zoopsa. Zidzadziwika mwezi ukatha, akakatengedwanso magazi.

Titembenuze: adokotala analemba a khunyu, ife tapereka a chithokomiro. Munthu akhala mwezi wathunthu wopanda chomuteteza ku kugwa, pamene chithokomiro chake chabwinobwino chikuponderezedwa. Ndipo ngakhale dzina titalipeza, `od` ndi `bd` zikatisokoneza ndiye kuti amayi amwa `40mg` pa tsiku m'malo mwa `20mg`, kapena theka la zomwe anafunika.

Mayi wa Kakhanda: Pepani ndilowererepo. Ine ndimangoti madokotala amalemba dala moipa kuti ife odwala tisamve. Kapepala ka mwana wanga analemba `2.5ml` koma kadontho ka pakatipo sikamaoneka, ndinkawerenga 25. Mwayi wake a ku famase anandipatsa kasirinji ndi kundisonyeza mzere wopimira. Nanga bwanji osangolemba m'mawu omveka?

Namwino Wopuma: Si dala ayi mayi, ndagwira nawo ntchito zaka zambiri. Munthu akamalemba timapepala tambirimbiri pa tsiku dzanja limathamanga, ndipo kapepalako kwenikweni amalembera wopereka mankhwala, amene amadziwa chinenerocho. Komabe dandaulo lanu ndi loona. Kadontho kameneko kavulaza anthu. N'chifukwa chake tinkaphunzitsidwa kulemba `0.5` osati `.5`, chifukwa kadontho kakasowa imasanduka 5, komanso kulemba `1` osati `1.0`, chifukwa imasanduka 10. Kwa kakhanda, kuchulukitsa kakhumi koteroko kukhoza kupha. Muli ndi ufulu womuuza dokotala musanatuluke kuti akuwerengereni zomwe walemba, kapena alembe dzina la mankhwala m'zilembo zikuluzikulu.

Mphunzitsi wa Masamu: Ine funso langa lili apa. Ngati inu a ku famase kuno mwalephera kuwerenga, wa ku famase amene achemwaliwa akamupeze adzawerenga bwanji? Maso ake si ofanana ndi anu? Zikuoneka ngati tikungomutuma munthu kuti akalotetse kwa wina.

Wa ku Famase: Funso labwino, aphunzitsi. Maso ake sadzaposa anga, koma iye ali ndi zinthu zomwe ine pa foni pano ndilibe. Adzagwira pepala lenilenilo, kuliwongola pamene lapindika, kulipendeketsa ku kuwala n'kuona pomwe cholembera chinadinda ngakhale inki itazilala. Chithunzi chikadutsa pa foni kupita pa foni ina chimachepetsedwa, ndipo zoyamba kutayika ndi timadontho ndi timizere topyapyala, zomwezo zimene tikuzifunazi. Adzaonanso mbali yomwe achemwali adula ija, pamene pali zaka za wodwala, nthawi zina ndi dzina la matenda, dzina la dokotala ndi chidindo cha chipatala. Ngati dokotalayo amatumiza odwala ake kumeneko kawirikawiri, dzanja lake amalidziwa. Ngati amayi anatengapo mankhwala pamenepo, adzaona m'kaundula.

Zonsezo zikakanika, amatenga foni n'kuimbira amene analembayo. Ntchito yake yeniyeni ndi imeneyo. Samufunsa kuti "kodi ndi awa?" chifukwa dokotala wotanganidwa akhoza kungovomera. Amamupempha kuti atchule yekha dzina, mlingo ndi matenda ake, kenako iye amabwereza zilembo chimodzichimodzi, n'kulemba pa kapepalapo kuti watsimikizira kwa ndani, tsiku liti. Ine pagulu pano sindingachite zimenezo, ndipo ndikakuuzani zolakwika palibe amene adzandipeze kuti tikonze.

Bambo a Mapasa: Chabwino, pamenepo ndamva. Koma mzere woyambawo ndi woonekeratu. Agule umenewo amayi ayambe kumwa mtima ukhale pansi. Katatu pa tsiku kwa masiku 30 ndi mapiritsi 90, amwe m'mawa, masana ndi madzulo akamadya.

Namwino Wopuma: Masamuwo ali bwino ngati piritsi lake ndi la `40mg`. Koma zoti azitsatira nthawi ya chakudya ine sindigwirizana nazo. Tsiku lili ndi maola 24, katatu ndiye kuti maola 8 aliwonse. Mukatsatira chakudya, atatu onse amathera m'maola 12 ndipo usiku wonse thupi limakhala lopanda mankhwala.

Mayi wa Kakhanda: Nanga munthu wodwala adzidzutsidwa pakati pa usiku? Ine dokotala wanga anandiuza kuti ndisamadzutse mwana.

Wa ku Famase: Apa anamwino ndi ine tikhoza kusiyana pang'ono. Ine ndimati `tds` ndi katatu motalikirana bwino pa nthawi yomwe munthu ali maso: akadzuka, masana, ndi pokagona. Dokotala akafuna maola enieni amalemba kuti maola 8 aliwonse. Kwa mankhwala ena, makamaka opha tizilombo, kuyandikira ku maola 8 n'kofunika kwambiri.

Namwino Wopuma: M'wodi ife tinkapereka pa maola 8 ndipo ine ndikhalabe pomwepo. Koma tisasocheretse mwanayu, zimenezo akamuuza kumene akatenge mankhwalako.

Wa ku Famase: Zoona amayi. Achemwali, musanagule ngakhale mzere wowerengekawo, afunseni amayi zinthu izi, chifukwa wa ku famase adzakufunsani. Kodi anadwalapo mphumu kapena chifuwa chobanika cholira m'kati? Kodi pali mankhwala ena omwe akumwa, kuphatikizapo a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi? Ndipo panopa akulemera makilogalamu angati, poti mwati aonda? Munthu wamkulu akatsika pansi pa makilogalamu 50, galamu imodzi ya `paracetamol` kanayi pa tsiku imakhala yoti iunikidwenso. Mng'ono wanu akubweretsereni pepala lenilenilo. Mafamase ambiri salola kupereka mankhwala otere pa chithunzi, popeza chithunzi chimodzi munthu akhoza kuguliranso m'malo angapo.

Mwana Wachisamba: Ndawaimbira amayi. Akuti adokotala anatchuladi za pakhosi koma dzina la mankhwala sanaligwire. Za mphumu akuti ankadwala ali mtsikana, ndipo mpaka pano kukazizira chifuwa chimalira, amakhala ndi kopopera m'kamwa kamene amagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Kuchipatala sananene chifukwa akuti sanafunsidwe, komanso iwo sakuiwerengera ngati matenda.

Wa ku Famase: Achemwali, chonde `propranolol` musagule, ndipo ngati alipo kale kunyumba asamwe mpaka adokotala amve za mphumuyo. Mankhwala amenewa amatha kufinya njira za mpweya mwa munthu wa mphumu, ndipo amalepheretsanso kopoperako kugwira ntchito bwino pa nthawi yomwe akukafuna. Kopoperako mukanyamule mukawaonetse. Pali mankhwala ena otontholetsa mtima amene dokotala angasankhe, koma kusankhako ndi kwa iye, osati ine kapena gulu lino. Ngati usiku uno mtima uthamanga kwambiri, akubanika, atentha thupi kapena ayamba kusokonezeka mutu, musadikire mawa, pitani nawo kuchipatala.

Bambo a Mapasa: Iii, mzere womwe tonse timauwerenga bwinobwino uja? Achemwali, tsatirani zimene akunena achimwenewa.

Mwana Wachisamba: Mwadzuka bwanji nonse. Ndangochoka ku famase ndi pepala lenileni. Mayi amene ndamupezayo analiwongola pa tebulo, n'kunena kuti akuona ngati ndi a chithokomiro koma sapereka asanamve kwa mwini dzanja. Anaimba kuchipatala, tinadikira ndithu chifukwa adokotala anali ndi odwala. Atsimikiza kuti ndi `carbimazole 20mg od`. Za mphumu adokotala atamva anati mzere woyamba ufufutidwe, amayi apite akawaonenso. Chomwe chandisokoneza n'chakuti pa emvulopu alemba kuti amwe mapiritsi anayi kamodzi pa tsiku, ndipo andipatsa mapiritsi 120. Si zambiri zimenezi?

Wa ku Famase: Yang'anani pa paketi, mupeza kuti piritsi lililonse ndi la `5mg`. Anayi ndi `20mg`, ndipo anayi kwa masiku 30 ndi 120. Zili bwino. Koma musunge m'mutu nambala ya mamiligalamu, osati ya mapiritsi, chifukwa aliponso mapiritsi a `20mg`. Mwezi wamawa akadzakupatsani amenewo, amayi adzamwa limodzi lokha. Akadzamwa anayi mwa chizolowezi adzakhala atamwa `80mg`. Muwafotokozere iwo ndi mng'ono wanu yemwe.

Namwino Wopuma: Anakuuzani za pakhosi ndi kutentha thupi, mwanangu?

Mwana Wachisamba: Ee amayi, anandiuza kawiri ndipo analemba pa emvulopu. Akuti akamva zilonda zapakhosi, zilonda za m'kamwa, kutentha thupi kapena mikwingwirima yosadziwika chiyambi, asiye kumwa ndipo tipite nawo kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi, chifukwa mwa anthu ochepa mankhwalawa amagwetsa maselo oyera oteteza thupi.

Namwino Wopuma: Ndiye musamale ndi mzere wachitatu uja. Akatentha thupi musangowapatsa `paracetamol` n'kukhala pansi chifukwa thupi lazizira. Kuzizirako sikusonyeza kuti magazi ali bwino.

Mphunzitsi wa Masamu: Ine chikundivutabe ndi chakuti adokotala akanapanda kuyankha foni, kapena likanakhala tsiku lomwe sakugwira ntchito, amayiwa akanatani? Akanangokhala opanda mankhwala?

Wa ku Famase: Zimatengera mankhwala ake, aphunzitsi. Pamakhala dokotala wina wa pa ntchito amene angatsegule faelo ya wodwala n'kuona zotsatira za magazi, ndipo timayamba tayesa ameneyo. Kwa amayiwa, amene akungoyamba kumene mankhwala ochedwa kugwira ntchito, kudikira tsiku limodzi sikukanaononga zambiri malinga ngati sakudwalika. Akanakhala munthu wa khunyu yemwe mapiritsi ake atha dzulo, kudikira n'koopsa, chifukwa kudumphitsa mankhwala amenewo kumadzutsa kugwa. Pamenepo ndimafuna aonetse paketi yakale kapena ndipeze dzina lake m'kaundula, ndipo malamulo a zomwe ndingapereke mwadzidzidzi amasiyana dziko ndi dziko. Achemwali, mukamapita ndi amayi kwa adokotala mutenge kopopera kaja ndi emvulopu ya lero, ndipo muwafunse tsiku lokayezanso magazi a chithokomiro, chifukwa mlingo wa `20mg` umadzasinthidwa malinga ndi zotsatira zake.